Foni ikuti mwalowa K398,000, nanga ndalamazo zili kuti?

Loweruka madzulo, anthu akamachepa mumsika wa Limbe, ogulitsa ambiri sathamangira kukwera minibasi. Amayamba amanga katundu, kenako n'kukhala pa benchi, kutulutsa foni m'kachikwama ka m'chiuno, n'kumayendetsa chala pa mauthenga a sabata yonse. Mauthengawo amafanana ngati nyemba za m'thumba limodzi: mwalandira zakuti, mwatumiza zakuti, mwatapa zakuti. Munthu amawayang'ana, mtima n'kukhala pansi poona kuti ndalama zalowa zambiri. Akafika pa uthenga womaliza n'kuona zotsala, mtima uja umanyamukanso.

Kuyambira pamene Airtel Money inayamba m'dziko muno mu 2012, TNM Mpamba n'kutsatira mu 2013, foni yasanduka kope la malonda la anthu ochuluka amene sanalembepo kope. Woimba *211# kapena *444# amasiya mapazi pa chilichonse chimene wachita, ndipo mapaziwo ndi timauthenga tachingerezi ta mizere itatu kapena inayi. Vuto ndi lakuti foni imangosunga, siisankha. Ndalama ya kasitomala, ndalama ya m'bale yongodutsa, ndi ndalama ya mwini wake imene wangoichotsa m'thumba n'kuiika mufoni, zonse zimabwera ndi nkhope imodzi.

Tiyerekeze mayi wogulitsa zitenje mumsikamo, amene amakhala ku Bangwe. Chitenje chimodzi amagulitsa K12,000. Sabata imeneyi masamu amukanika, ndiye wajambula mauthenga ake onse, zithunzi zinayi za sikirini, n'kutumizira mng'ono wake amene amagwira ntchito yowerengetsa ndalama m'tauni. Pansi pa zithunzizo walemba kuti: "Tandionere, ndawonkhetsa zolowa zakwana K398,000, koma mufoni mwatsala K25,200 yokha. Andibera ndani?" Ndalama zonse za m'nkhaniyi, kuphatikizapo zotumizira ndi zotapira, ndi zongosonyezera masamu, pakuti mitengo yeniyeni makampani amaisintha ndipo imapachikidwa pa mabenchi a maejenti.

Mng'onoyo sayamba ndi kuwonkhetsa. Amayamba ndi kukayikira zithunzizo, ndipo ali ndi chifukwa. Chithunzi cha sikirini chimangogwira zimene zinali kuoneka pa nthawiyo. Uthenga wa pamwamba umaduka mutu, wa pansi umaduka miyendo, ndipo munthu akamatsitsa chala kuti ajambule chithunzi chotsatira, amatha kudumpha uthenga wathunthu kapena kujambula uthenga umodzi kawiri. Choncho ntchito yoyamba ndi kukopera uthenga uliwonse pa pepala, mzere umodzi uthenga umodzi, kuyambira wakale kufika watsopano. Pa mzere uliwonse amalemba tsiku ndi ola, nambala ya tiranzakishoni, amene ndalama yachokera kapena yapita kwa iye, kuchuluka kwake, ndi ndalama zotsala zimene uthengawo wanena kumapeto.

Nambala ya tiranzakishoni anthu ambiri amailumpha chifukwa imaoneka ngati zilembo zongomwazika, koma ili ndi zonena. Pa Airtel Money kawirikawiri imaoneka motere:

```
PP240614.0932.A12345
```

Zilembo ziwiri zoyambirira zimanena mtundu wa zimene zachitika. PP ndi ndalama yochoka kwa munthu kupita kwa munthu mnzake, CI ndi kuika ndalama kwa ejenti, CO ndi kutapa, ndipo MP ndi kulipira kusitolo kapena kukampani. Manambala asanu ndi limodzi otsatira ndi chaka, mwezi ndi tsiku, pomwe anayi apakati ndi ola ndi mphindi. Ya pamwambayi ikunena za 14 Juni 2024, nthawi ya 9:32 m'mawa. Wodziwa kuwerenga nambala imeneyi amakhala atagwira kale theka la ntchito yosanja asanawerenge n'komwe Chingerezi cha mu uthengawo. Pa Mpamba kalembedwe kake n'kosiyana, koma mfundo ndi imodzi: tiranzakishoni iliyonse ili ndi nambala yakeyake, ndipo nambala imodzi siingakhale ya matiranzakishoni awiri.

Atakopera zonse, mng'onoyo wapeza mizere 14. Pamwamba pa pepala walemba K42,300, ndalama zimene zinali mufoni Lamlungu usiku, sabata isanayambe. Kenako watenga mabolopeni atatu a mitundu yosiyana.

Mtundu woyamba ndi wa zolowa zenizeni, ndalama imene yabwera chifukwa katundu watuluka kapena ntchito yagwiridwa. Lolemba m'mawa kasitomala anatumiza K36,000 ya zitenje zitatu, masana wina anatumiza K24,000 ya ziwiri, ndipo Lachisanu panalowa K60,000 ya zitenje zisanu za amayi a kwaya. Mizere itatu imeneyi siivuta, chifukwa iliyonse ikugawika bwino ndi K12,000 ndipo mwini malonda akukumbukira nkhope za ogulawo. Pamodzi ndi K120,000.

Mtundu wachiwiri ndi wa zolipira, ndalama imene yatuluka ndipo siidzabweranso. Lachiwiri anagula magetsi a ESCOM a K15,000, uthenga wake ndi uja wobwera ndi tokeni ya manambala 20. Lachinayi analipira K90,000 kwa amene amaodako zitenje, ndipo tsiku lomwelo analipira bilu ya madzi ya K8,500. Mng'onoyo amaika kanyenyezi pa K90,000 ija, chifukwa ngakhale ili m'gulu la zolipira, ndi ya bizinesi, pomwe magetsi ndi madzi ndi za pakhomo. Foni ndi imodzi koma ikudyetsa nyumba ziwiri, ndipo wosasiyanitsa zimenezi amaimba mlandu bizinesi kuti siikupindula chonsecho ndi imene ikuyatsa magetsi ku Bangwe.

Pamene pagona nkhani ndi pa mtundu wachitatu, wa ndalama zongosamuka. Izi ndi ndalama zimene zasintha malo koma sizinasinthe chuma cha mwini foni. Lachiwiri madzulo mayiyu anapita kwa ejenti ndi K80,000 ya m'manja, imene anagulitsa pa benchi masiku awiriwo, n'kuiika mufoni poopa akuba a m'minibasi. Uthenga unabwera, ndalama zotsala zinakwera, ndipo iye powonkhetsa Loweruka anaiwerenga ngati yolowa. Koma K80,000 imeneyo anali atailemba kale m'kakope kake ka malonda a tsiku ndi tsiku. Kuiwerenganso mufoni ndi kuwerenga mbuzi imodzi kawiri, ili kudambo ndiponso ikulowa m'khola.

Lachitatu panalowa K150,000. Inachokera kwa mchimwene wawo amene ali ku Joni, kudzera ku kampani yotumiza ndalama za kunja, ndipo inali ya feteleza wa mayi awo kumudzi ku Thyolo. Inakhala mufoni maola atatu okha n'kupitirira. Ndalama ngati imeneyi ndi imene imanamiza anthu kwambiri, chifukwa ndi yaikulu ndipo uthenga wake umanena momveka kuti mwalandira. Njira yoizindikirira pa pepala ndi kufunafuna mapasa: ndalama yolowa ndi yotuluka zofanana kapena zoyandikana, zotsatizana tsiku limodzi kapena masiku awiri. Mapasa akapezeka, onse awiri amapita m'gulu la zosamuka. Loweruka anatapa K50,000 yogwiritsa ntchito pakhomo ndi pa benchi, n'kutumizanso K20,000 kwa msungichuma wa banki m'khonde. Kutapa si kuwononga, pakuti ndalamayo yangochoka mufoni kulowa m'thumba, ndipo ya banki m'khonde ndi yake ndithu, adzaipeza pogawana kumapeto kwa chaka.

Funso limene limathandiza pa mzere uliwonse wokayikitsa ndi ili: ndalama iyi itachoka kapena kulowa, kodi mwini foni walemera kapena wasauka? Ngati yankho ndi lakuti ali chimodzimodzi, ndalamayo yangosamuka.

Apa K398,000 ija yayamba kale kusungunuka. Kuchotsapo K80,000 ya iye mwini ndi K150,000 ya feteleza, patsala K168,000. Koma zolowa zenizeni zinapezeka K120,000. Pali K48,000 imene ilibe kwawo, ndipo kuti aipeze, mng'onoyo akutembenukira ku mbali ya uthenga imene mkulu wake sanaiwerengeko sabata yonse.

Uthenga uliwonse weniweni umatha ndi ndalama zotsala, zimene ambiri amangoti balansi. Nambala imeneyi ndi mboni, chifukwa siiwerengedwa ndi munthu koma ndi makina a kampani, ndipo imalumikiza uthenga uliwonse ndi unzake wam'mbuyo ngati mikanda pa ulusi. Masamu ake ndi a ku pulayimale. Tengani balansi ya uthenga wapitawo, wonjezerani zimene zalowa kapena chotsani zimene zatuluka, ndipo yerekezani yankho lanu ndi balansi ya uthenga watsopano. Zikafanana, palibe chobisika. Zikasiyana pang'ono, kusiyanako ndi ndalama yotumizira kapena yotapira. Zikasiyana kwambiri, pali uthenga umene ukusowa, kapena pali uthenga umene suyenera kukhalapo.

Mng'onoyo akutsika nawo mzere ndi mzere. K42,300 kuwonjezera K36,000 ndi K78,300, ndipo uthenga ukuvomereza. Kuwonjezera K24,000 ndi K102,300. Magetsi atsitsa kufika K87,300, ndalama ya kwa ejenti yakweza kufika K167,300, ya ku Joni yafikitsa K317,300. Potumiza K150,000 kumudzi, masamu akuti patsale K167,300, koma uthenga ukuti K166,800. K500 imeneyo ndi yotumizira, ndipo yatuluka mu mpamba wa zitenje, osati m'thumba la mchimwene wa ku Joni. Ndi yochepa, komabe mayi amene amadutsitsa ndalama za abale mwezi ndi mwezi ayenera kudziwa kuti akulipirira ulendo wa ndalama za eni. Kulipira kooda kwadyanso K500, balansi n'kufika K76,300. Bilu ya madzi yatsitsa kufika K67,800.

Mzere wotsatira ndi bilu ya madzi kachiwiri, K8,500 yomweyo, ku akaunti yomweyo. Apa pali zotheka ziwiri, ndipo kuzisiyanitsa n'kosavuta. Ngati nambala ya tiranzakishoni ndi imodzi m'mauthenga onse awiri, ndiye kuti ndi uthenga umodzi umene walowa m'zithunzi ziwiri, ndipo mzere umodzi ungofufutidwa. Koma apa manambala ndi osiyana, nthawi yasiyana ndi mphindi ziwiri, ndipo balansi yatsikanso kufika K59,300. Ndalama yatuluka kawiri.

"Achemwali, Lachinayi polipira madzi munabwereza?" akufunsa mng'onoyo pafoni.

"Eya, netiweki inavuta. Uthenga sunabwere, ndiye ndinayesanso."

Umu ndi mmene zimachitikira nthawi zambiri. Malipiro amadutsa, uthenga wotsimikiza n'kuchedwa panjira, munthu n'kuganiza kuti zakanika. Wodziwa amayamba waona balansi asanabwereze. Mwayi wake ndi wakuti ndalama yolipira bilu kawiri siitayika. Imakakhala ku akaunti yake ya madzi ngati yolipiriratu mwezi wamawa, ndipo akadakhala magetsi akanalandira matokeni awiri, onse ogwira ntchito pa mita yake. Chofunika ndi kusunga manambala onse awiri a tiranzakishoni, n'kudzaona pa bilu yotsatira ngati K8,500 yachiwiriyo yaoneka. Ikapanda kuoneka, manambala aja ndiwo umboni wopita nawo ku ofesi.

Kenako pakubwera uthenga wa K48,000, wa Lachisanu m'mawa. Uli pa chithunzi chakechake, chachinayi, ndipo chimenecho chokha ndi chizindikiro. Mauthenga enieni onse amasonkhana pamalo amodzi mufoni, pansi pa dzina la kampani. Uwu unagwera padera chifukwa unachokera ku nambala wamba ya munthu, ndipo pamwamba pa chithunzicho nambalayo ikuoneka. Mawu ake akufanana ndi a uthenga weniweni, chifukwa wakuba amangotenga uthenga wakale n'kusintha dzina ndi ndalama. Chimene sangathe kusintha molondola ndi balansi, pakuti sadziwa kuti mufoni ya mnzake muli zingati. Pa nthawiyo munali K59,300, choncho uthenga weniweni ukanatha ndi K107,300. Uwu ukuti K48,650. Tsiku la m'nambala ya tiranzakishoni nalonso ndi la mwezi wathawu. Ndipo uthenga weniweni wotsatira, wa K60,000 ya amayi a kwaya, ukutha ndi K119,300, imene ndi K59,300 kuwonjezera K60,000 basi. K48,000 ija sinapondemo n'komwe mufoni.

Mayiyu akukumbukira bwino. Munthu anaimba, mwaulemu, n'kunena kuti akufuna zitenje zinayi za chinkhoswe, watumiza kale ndalama, ndipo wa kabaza akubwera kudzatenga. Foni inalira, mayi anaona mawu oti mwalandira K48,000, n'kupereka katundu. Pa benchi panali makasitomala ena awiri, ndipo sipakanatenga mphindi imodzi kuimba nambala yoonera balansi, koma mphindi imeneyo ndi imene akuba amadziwa kuti munthu wotanganidwa alibe. Mbale wake wa chinyengo chimenechi ndi uja woimba n'kumadandaula kuti watumiza ndalama molakwitsa, chonde mubweze. Apolisi akhala akuchenjeza za zimenezi kwa zaka zambiri, ndipo ananenapo kuti ena mwa oimbawo amakhala ali m'ndende. Kalembera wa manambala a foni amene bungwe la MACRA linalamula mu 2018 anathandiza kuti nambala iliyonse ikhale ndi mwini wake, koma akuba amagwiritsa ntchito manambala olembetsedwa ndi ziphaso za anthu ena. Pa pepala la mng'ono uja, mzere umenewu sukulowa m'gulu lililonse mwa atatu aja. Waukhwatcha, n'kulemba pambali kuti zitenje zinayi zatayika.

Kusiyana kwachiwiri kukupezeka Loweruka m'mawa. Balansi inali K119,300, mayi watapa K25,000, yotapira ndi K900, ndiye payenera kutsala K93,400. Uthenga ukuti K71,400. Pasowa K22,000, ndipo palibe uthenga uliwonse m'zithunzi umene ukuifotokoza.

Apa ndi pamene anthu ambiri amathamangira kunena kuti kampani yawabera kapena ejenti wawadula. Mng'onoyo akuona kuti dzenjeli lili pakati pa uthenga womaliza wa chithunzi chachiwiri ndi woyamba wa chithunzi chachitatu, pamalo pomwe chala chimadumpha. Akupempha mkulu wake kuti abwerere mufoni, ayang'ane pakati pa Lachisanu masana ndi Loweruka m'mawa. Uthenga ulipo. Mwezi wathawu mayiyu anatenga ngongole ya pafoni ya K20,000 kuti akwanitse kuoda, tsiku lobweza linakwana, ndipo makina anadzitengera okha ndalamayo pamodzi ndi K2,000 ya chiwongoladzanja. Ngongole zoterezi zimatengedwa ndi kudina kungapo, ndipo zimabwezedwa popanda kudina kulikonse, n'chifukwa chake siziiwalika potenga koma zimaiwalika pobweza.

Kusanja mzere umenewu kumafuna kuugawa pawiri. K20,000 ndi kubweza ndalama ya eni, monganso tsiku limene inalowa mwezi wathawu sinali phindu. K2,000 ndiye mtengo weniweni wa ngongoleyo, ndipo ndi imene iyenera kulembedwa ngati ndalama yodyedwa. Pa K20,000, K2,000 ndi K10 pa K100 iliyonse m'mwezi umodzi. Palibe chachinyengo apa, mayi anavomera yekha potenga, koma ndi bwino kuti aione nambalayo ili payokha n'kuiyerekeza ndi phindu limene zitenje za K20,000 zinamubweretsera.

Chomaliza ndi chaching'ono kwambiri, ndipo n'chifukwa chake chimadutsa osaonedwa. Mayi akuti Loweruka anatapa kamodzi, K50,000. Pepala likuonetsa mizere iwiri, K25,000 ndi K25,000, kwa ejenti mmodzi, motalikirana ndi mphindi imodzi, uliwonse ndi yotapira yake ya K900. Ejenti anamuuza kuti aike pini kawiri chifukwa koyamba sizinadutse zonse. Mitengo yotapira imayenda m'magulu: kuyambira ndalama zakuti kufika zakuti mtengo ndi umodzi, kudutsa pamenepo mtengo wina. Chifukwa cha kakonzedwe kameneka, kutapa kawiri ndalama zing'onozing'ono nthawi zambiri kumadya zambiri kuposa kutapa kamodzi ndalama yaikulu. M'chitsanzo chathu K50,000 ikanadya K1,200, koma magawo awiri adya K1,800. Ejenti amalandira komishoni pa tiranzakishoni iliyonse, ndiye kwa wosakhulupirika kugawa kumamupindulira, K600 yowonjezerayo n'kugwera kasitomala.

Si kugawa konse kumene kuli kwachinyengo. Pali malire a ndalama imene munthu angatape nthawi imodzi, ndipo wotapa ndalama yaikulu amagawa mosachitira mwina. Ejenti amene ndalama za m'manja zamuchepera angapereke theka n'kunena kuti theka linalo mukatape kwina, ndipo ameneyo wanena zoona. Chokayikitsa ndi magawo ofanana, kwa ejenti yemweyo, mphindi yomweyo, pa ndalama imene ili kutali ndi malire. Maejenti ambiri ndi anthu ogwira ntchito yolemetsa, okhala padzuwa tsiku lonse ndi ndalama zimene akuba amazilondalonda, ndipo sayenera kunyozedwa chifukwa cha ochepa. Koma kasitomala ali ndi ufulu wowerenga ndalama imene yalembedwa pa sikirini asanaike pini, ndi kukana ikakhala yosiyana ndi imene wanena.

Pali kudula kwina kumene pepala silingakugwire. Kuika ndalama mufoni yako kwa ejenti n'kwaulere, ndipo yotapira imadulidwa mufoni momwemo. Ejenti akapempha kandalama kapadera pamanja, kameneko sikasiya uthenga, ndipo kamangodziwika ngati mwini wake akukumbukira.

Tsopano masamu onse akhoza kutsekedwa, ndipo kutseka ndi kumene kumatsimikiza kuti palibe mzere wotsala. Poyamba munali K42,300. Zolowa zenizeni ndi K120,000, zosamukira mufoni ndi K230,000, zonse pamodzi K392,300. Zolipira, kuphatikizapo madzi obwereza aja, ndi K122,000. Ngongole ndi chiwongoladzanja chake zatenga K22,000, zosamuka kuchoka mufoni ndi K220,000, ndipo zotumizira ndi zotapira zonse za sabatayi, kuphatikizapo yotumizira ku banki m'khonde, ndi K3,100. Kuchotsa zonsezi patsala K25,200, ndendende ndi balansi ya uthenga womaliza. Pakanatsala kusiyana ngakhale kwa K100, mng'onoyo akanabwerera pamwamba, chifukwa kusiyana kochepa nthawi zina kumakhala zolakwika ziwiri zazikulu zimene zaphimbana.

K3,100 pa sabata ndi ndalama imene mayiyu sanaionepo ili pamodzi, chifukwa imachoka pang'onopang'ono. Sabata zonse zitakhala ngati imeneyi, pa chaka ingapitirire K160,000, mtengo wa zitenje 13. Amalawi amadziwa kulusa ndalama yodulidwa ikaonekera poyera. Mu 2019 boma litalengeza msonkho wa 1 peresenti pa ndalama zotumizidwa pafoni, anthu ndi mabungwe anadandaula kwambiri mpaka ganizolo linachotsedwa. Koma zodulidwa za tsiku ndi tsiku sizilengezedwa m'nyumba ya malamulo, zimangopezeka ndi munthu amene wakhala pansi n'kuchotsera balansi ina ku inzake. Zina mwa izo n'zopeweka. Kutapa kamodzi m'malo mwa katatu, kulipira wooda mwachindunji pafoni m'malo motapa n'kukapereka pamanja, ndi kuuza wa ku Joni kuti azitumiza molunjika kumudzi kapena aziwonjezera yotumizira, zonsezi zimachepetsa nambala ija.

Njira imeneyi ili ndi malire ake. Uthenga umanena dzina la wotumiza, koma sunena chifukwa chimene watumizira. K24,000 yochokera kwa mnansi ingakhale ya zitenje ziwiri, ingakhalenso ngongole imene akubweza, kapena chopereka cha maliro choti chipitirire kwa wina. Makasitomala ambiri amalipiranso ndi foni ya mwamuna wawo kapena ya mwana, ndipo ena amakaika ndalama kwa ejenti molunjika ku nambala ya wogulitsa, uthenga n'kuoneka ngati mwini wake waika yekha. Pamenepo zilembo za CI zimanamiza, chifukwa ndalamayo ndi yolowa yeniyeni. Zoterezi amazidziwa ndi mwini foni yekha, ndipo amazikumbukira kwa masiku ochepa. N'chifukwa chake kusanja kwa sabata ndi sabata kumatheka, pomwe kwa miyezi itatu kumasanduka kulota. Amene mauthenga ake anafufutika, kapena amene foni yake yaing'ono imadzaza msanga, angapemphe sitetimenti ku ofesi ya kampani atatenga chiphaso chake cha unzika, ndipo amene ali ndi foni yamakono angaone mndandanda wa matiranzakishoni mu apu.

Chithunzicho pachokha chimafunanso kusamala. Muli mayina ndi manambala a makasitomala, nambala ya mita, ndi balansi, zinthu zimene wakuba angakonde kuzidziwa kuti uthenga wake wabodza udzaoneke woona. Kutumizira mng'ono wako ndi nkhani ina, kuponya pa gulu la WhatsApp la anthu 200 kuti akuthandize ndi nkhani inanso. Uthenga wokhala ndi nambala yachinsinsi yongogwira kamodzi usajambulidwe n'komwe, ndipo pini siifunika pa ntchito yonseyi. Wothandiza kuwerengetsa amene wafunsa pini, ngakhale atanena kuti akuimba kuchokera ku kampani, akufuna zina. Ndipo chithunzi chimene kasitomala watumiza chosonyeza kuti walipira si umboni, chifukwa chithunzi chimakonzedwa. Umboni ndi balansi ya mufoni ya wolandira.

Pofika usiku, pepala la mng'ono uja lili ndi mizere inayi yozunguliridwa ndi bolopeni yofiira, ndipo uliwonse uli ndi kopita. Ya madzi idikira bilu ya mwezi wamawa. Ya ngongole ilibe kodandaula, yangolembedwa m'kope kuti tsiku lobweza lizidziwika. Za K600 ya kwa ejenti, mayi angaimbe ku nambala yothandiza makasitomala n'kupereka manambala awiri a tiranzakishoni, tsiku, ndi nambala ya ejentiyo, ndipo dandaulo likapanda kuyankhidwa pali Reserve Bank of Malawi, imene imayang'anira makampani otumiza ndalama pafoni ndipo imalandira madandaulo a makasitomala. Nambala imene inatumiza uthenga wabodza iyenera kukanenedwa ku kampani ya foni ndi kupolisi, uthengawo usanafufutidwe. Zitenje zinayi zija mwina sizidzabwerera, koma nambalayo ikatsekedwa siidzaimbiranso mayi wa benchi yoyandikana nayo.

"Ndiye palibe amene analowa mufoni mwanga?" akufunsa mkuluyo.

"Palibe, achemwali. Mufoni mwalowa K120,000 ya malonda, kuwonjezera K80,000 ya pamanja imene munalemba kale. Lolemba mugule kope la masamu, lija la timabokosi, ndipo Loweruka likubwerali mujambule bwino, uthenga womaliza wa chithunzi chilichonse uzionekanso pamwamba pa chotsatira."